Pulogalamu ya shopu ikudya bandulo ya kasitomala: tiyambire pati?

Moni nonse amene mukuonera, makamaka inu opanga mapulogalamu a pafoni muno mu Lusaka. Lero titenga pulogalamu imodzi, tiichepetse thupi komanso tiiletse kumeza deta.

Tiyerekeze kuti mwapangira shopu ya nsapato ya ku Kamwala pulogalamu ya Android, ndipo mwailemba ndi Flutter. Kasitomala wake ali ku Matero kapena ku Chawama, foni yake ndi itel kapena Tecno yotchipa, ndipo bandulo amagula ya tsiku limodzi. Munthu ameneyu amakulipirirani kawiri: koyamba pokopera pulogalamu, kachiwiri nthawi iliyonse akaitsegula. Tiyambe ndi koyambako, chifukwa n'kosavuta.

Pa sikirini: Android Studio yatseguka.

Musanachotse kalikonse, yezani kaye. Pitani pa Build, kenako Analyze APK, musankhe fayilo yanu. Mafoda onse aoneka ndi kukula kwake. Tsegulani foda ya `lib`. Mupezamo mafoda atatu: `armeabi-v7a`, `arm64-v8a` ndi `x86_64`. Khodi yake ndi imodzimodzi, koma yamangidwa katatu, chifukwa mapurosesa a mafoni ndi osiyana. Foni imagwiritsa ntchito foda imodzi basi. Ena awiriwo kasitomala amawakopera pachabe, komanso amamudyera malo m'foni imene yadzaza kale ndi zithunzi za pa WhatsApp.

Ngati pulogalamu ikupita pa Google Play, mankhwala ake ndi awa:

```
flutter build appbundle
```

Kuyambira mu Ogasiti 2021, Google Play imafuna kuti mapulogalamu atsopano azitumizidwa motere, ndipo iyo yokha imapatsa foni iliyonse gawo loyenerera foniyo. Koma tonse tikudziwa mmene zimakhalira kuno. Mwini shopu amatumizira makasitomala APK pa WhatsApp, kapena mnyamata wa pashopu amawaponyera pa Xender kuti asawononge deta. Zikatero mufunika lamulo lina:

```
flutter build apk --split-per-abi
```

Mutuluka mafayilo atatu, iliyonse yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi yoyamba ija. Apa pali msampha. Mafoni ambiri otchipa, makamaka a Android Go, amayendera mabiti 32 ngakhale purosesa yake ikhale yatsopano. Mukawapatsa fayilo ya `arm64-v8a`, foni imaikana n'kulemba kuti App not installed. Kuti mudziwe mtundu wa foni, ilumikizeni ku kompyuta mulembe:

```
adb shell getprop ro.product.cpu.abi
```

Ine ndikamapereka fayilo imodzi yoti iziyenda pamanja, ndimasankha `armeabi-v7a`, chifukwa imalowa m'mafoni otchipa komanso m'mafoni ambiri a mabiti 64. Imakana m'mafoni ena atsopano monga Pixel 7, koma mwini foni ngati imeneyo akhoza kukopera pa Google Play popanda kudandaula.

Tsopano tibwere pamene pathera ndalama zambiri: zithunzi.

Pa sikirini: tsamba loyamba la pulogalamu, nsapato zandandalikidwa ziwiriziwiri.

Mwini shopu amajambula nsapato ndi foni yake n'kuika chithunzi pa seva mmene chilili. Tinene kuti chithunzicho ndi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo chikulemera 3 MB. Pa tsambali pali nsapato 40. Kasitomala akatsika mpaka pansi, wakopera 120 MB, asanagule ngakhale zingwe za nsapato. Chonsecho kabokosi kamene chithunzicho chikuonekeramo, pa foni ya sikirini ya mapikiselo 720, sikafika ngakhale mapikiselo 400 m'lifupi.

Vuto silithera pa deta. Foni ikamaonetsa chithunzi imachifutukula m'memore, ndipo pikiselo iliyonse imatenga mabayiti 4. Chulukitsani 4000 ndi 3000 ndi 4, mupeza 48 MB pa chithunzi chimodzi chokha. Pa foni ya memore ya 2 GB, zithunzi zingapo zotere ndi zokwanira kuti tsamba liyambe kukakamira, kenako pulogalamu n'kudzitsekera yokha. Mukamva dandaulo lakuti "ikumatseka ndikamatsika pansi", yambani mwafufuza zithunzi musanakayikire china chilichonse.

Kukonza kwake kuchitikire pa seva. Izi ndikutsindika chifukwa ambiri amangochepetsa chithunzi m'khodi ya pafoni, n'kumaganiza kuti athana nazo. Pamenepo mwapulumutsa memore yokha, koma 3 MB ija yadutsa kale pa bandulo ya munthu. Chithunzi chikangofika pa seva, pangani china chaching'ono cha mtundu wa WebP:

```
cwebp -q 75 -resize 400 0 nsapato.jpg -o nsapato_400.webp
```

Nambala 400 ndi mulifupi watsopano, 0 akuuza chidachi kuti chiwerengere chokha mbali inayo kuti nsapato isaoneke yophwanyika, ndipo 75 ndi mlingo wa kuoneka bwino kwake. Chithunzi chotere nthawi zambiri chimalemera makilobayiti makumi ochepa chabe. Tikati 30 KB, nsapato zonse 40 zikwana 1.2 MB. Tsamba lomwelo, lija linali 120 MB.

Musatsitse 75 uja mopitirira muyezo. Pa nsapato yachikopa simungaone kusiyana, koma ngati shopu ikugulitsanso zitenje, maluwa ang'onoang'ono a pansalu amayamba kusakanikirana, ndipo mayi wofuna chitenje cha pa chilanga mulilo sagula nsalu imene sakuiona bwino. Pangani chithunzi chachiwiri chokulirapo, mwina cha mapikiselo 1000, chimene chizibwera pokhapokha munthu akadina pa katunduyo.

Chotsala ndi kusakopera chinthu chimodzi kawiri. Mu Flutter, `Image.network` imasunga chithunzi m'memore mokha, ndiye munthu akatseka pulogalamu n'kuitsegulanso madzulo, zonse zimakoperedwa mwatsopano. Phukusi la `cached_network_image` limasunga zithunzi m'foni momwemo. Koma chenjerani: mwini shopu akasintha chithunzi dzina la fayilo likhale lomwelo, makasitomala adzapitiriza kuona chakale kwa masiku angapo. Chithunzi chatsopano chizikhala ndi dzina latsopano. Komanso tsamba lizipempha nsapato 10 kapena 15 zoyamba, zina zizibwera munthu akamatsika. Gwiritsani `GridView.builder` kuti zimene sizinafike pa sikirini zisayambe kukoperedwa.

Pa sikirini: foni yotchipa ili pa tebulo, Wi-Fi yazimitsidwa.

Tiyese tsopano, ndipo tiyesere pa foni ngati ya kasitomala, osati pa intaneti ya muofesi. Chotsani pulogalamu yakale, ikani yatsopano, yatsani deta ya pa simu. Lowani mu Settings, kenako Apps, musankhe pulogalamuyo, muone pamene alemba deta imene yagwiritsa ntchito. Mawu ake amasiyana malinga ndi foni, koma mupeza manambala awiri, Foreground ndi Background. Alembeni papepala. Tsegulani pulogalamu, tsikani mpaka pansi, itsekeni, muonenso manambala aja. Kenako bwerezani kachiwiri.

Ulendo wachiwiriwu nambala ya Foreground iyenera kusuntha pang'ono chabe, chifukwa zimene zikubwera ndi mayina a katundu ndi mitengo basi. Ikakwera mofanana ndi poyamba, ndiye kuti zithunzi sizikusungidwa. Kawirikawiri chimakhala chakuti seva ikuwonjezera kachidutswa kosinthasintha kumapeto kwa adiresi ya chithunzi, foni n'kumaona ngati ndi chatsopano. Ndipo ngati Background ikukwera pulogalamu ili chitsekere, pali china chimene chikufunsa seva pafupipafupi. Isiyeni foniyo usiku wonse, mawa muone kuti yadya zingati, kenako mufufuze m'khodi paliponse pamene pali `Timer.periodic` komanso maphukusi a zotsatsa malonda amene munaikamo.