"Munditumizire nandolo 5": mutumize kapena muyambe mwafunsa?

Muli bwanji nonse kumeneko. Tiyerekeze mumagulitsa nandolo pa Luchenza, ndiye usiku kwalowa meseji ya kasitomala wanu wa ku Limbe: "Munditumizire nandolo 5 pa minibasi ya mmawa." Basi yathera pomwepo. 5 chani? Matumba, ndowa kapena makilo?

Musanathamangire kumanga katundu tengani njere 10 za nandolo yemweyo muziike patebulo. Tanthauzo lililonse mulipatse njere molingana ndi mmene mukulikhulupilira, koma zonse pamodzi zisapitilire 10, kutanthauza kuti mukawonjezera uku mwachotsa uko.

Bambo amenewa ndi venda, nthawi zambiri amapikula pa thumba la makilo 50, ndiye matumba tiwapatse njere 6. Ndowa 2, poti ndalama ikawathina amagula pang'ono. Makilo 1, mwina ndi wa ndiwo kunyumba. Njere yotsalayo isiyeni pambali, ndi ya zomwe simunaziganize, kaya meseji yasokera inali ya munthu wina. Ambiri amalakwa pompa, chimene chayamba kubwera mmutu amachipatsa njere zonse 10. Komanso musavutike kufuna nambala yeniyeni ngati 63 peresenti, simunayeze pa sikelo, uku nkungoyerekeza.

Matumba ali patsogolo, ndiye titumize? Ayi dikirani kaye. 6 pa 10 ndiye kuti meseji ngati imeneyi itabwera ka 10, kanayi mulakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake ndi makilo 250 amene mwalipilira transipoti, mwalipira okweza, akafika ku Limbe mwini wake akuti ine ndimafuna ndowa, katundu abwererenso pa ndalama yanu. Pomwe kufunsa ndi meseji imodzi. Apa funsani.

Koma kafunsidwe kake, osati "mukutanthauza chani bwana", muwatopetsa. Ikani tanthauzo la njere zambiri patsogolo: "Matumba 5 a makilo 50 ngati kale, eti? Kapena ndowa?" Angoyankha eya, nkhani yatha.

Njerezi zimasuntha. Akakhala kuti atumiza kale ndalama pafoni ndipo ikukwanirana ndi matumba 5, njere za matumba zafika pa 9, mangani katundu, mungowadziwitsa kuti matumba 5 akwera.

Nde pali mameseji ena oti ngakhale njere zitagawanika 5 kwa 5 kufunsa nkutaya nthawi. Wina walemba "nandolo bwanji lero?", simukudziwa ngati akunena wouma kapena wamuwisi wamakoko. Apatseni mitengo yonse iwiri mu meseji imodzi asankhe okha, palibe chomwe mwaluza.

Nanga foni yawo ikapanda kupezeka minibasi ili pafupi kunyamuka? Musatumize matumba chifukwa choti ali ndi njere zambiri, onani kulakwitsa komwe kukonzeka mosavuta. Mukatumiza ndowa 5 pomwe amafuna matumba, wotsalayo akwera ya masana.