Bawuti Yodukira mu Injini

Kalata yathu yoyamba yachokera kwa bambo wina wa kabaza ku Salima. Akuti: "Achimwene, pomasula ekizozi ya njinga yanga yamoto, bawuti imodzi inakana mpaka inadukira mu injini. Makaniko ataitulutsa, m'mazinga munali ufa woyera. Njingayi ndimaitsuka tsiku lililonse, nanga zimenezi zachokera kuti?"

Pepani kwambiri bambo, ndikudziwa kuti njinga ikagona ku galaja, kunyumba ndiwo zimasowa. Ufa woyerawo ndi dzimbiri la aluminiyamu. Bawuti yanu ndi yachitsulo, koma mutu wa injini umene imalowamo ndi wa aluminiyamu. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana, madzi n'kulowa pakati, pamayenda mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri ngati mu batire, ndipo imadya mbali ya aluminiyamu. Ufa wotsalawo umafuna malo ambiri kuposa aluminiyamu amene wadyekayo, ndiye umadzaza mazinga n'kuimanga bawuti kuti gwa! Madzi a sopo wa ufa amene mumatsukira aja amafulumizitsa zimenezi kuposa madzi a mvula. Pa ekizozi pamawonjezekanso moto. Aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho injini ikamatentha n'kuzizira, pamatseguka kampata kolowera madzi ndi fumbi la m'misewu yathuyi.

Girisi wamba sathandiza pamenepo, amapsa n'kuuma. Funsani m'sitolo za zipangizo za galimoto phala lotchedwa antisizi. Ndi girisi wosakaniza ndi tizidutswa tosalala ta kopa, aluminiyamu kapena nikelo. Mafuta ake akapsa, tizidutswato timatsalira m'mazinga, zitsulo ziwiri zija osagwirana. Wa kopa amapirira kutentha kopitirira madigiri 900, koma ine pa bowo la aluminiyamu limene limanyowa kawirikawiri ndimakonda wa aluminiyamu kapena wa nikelo, chifukwa kopa nayenso sagwirizana ndi aluminiyamu pakakhala madzi.

Musanapake, kwechani mazinga ndi burashi ya waya, mutsuke ndi palafini, ziume. Mukapaka pamwamba pa mchenga mwapanga msasa wopalira mazinga anu omwe. Pakani pang'ono chabe, ngati kambewu ka mpunga. Ndipo dzanja lipepuke pa sipanala, chifukwa bawuti yopakidwa imaterera. Chepetsani mphamvu yomangira ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, apo ayi muthetsa mazinga.

Ina ikadzakananso, musalumikize paipi ku sipanala. Thirani mafuta omasulira dzimbiri, igone usiku, igogodeni pamutu ndi hamala, kenako muziipotoza pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo.

Mayi wina wa ku Mponela, mwini jenereta, akufunsa mwachidule: "Kodi phala lotere ndingapake pa pulagi?"

Mayi, mapulagi ambiri a masiku ano, a mazinga owala ngati siliva, anakutidwa kale ku fakitale ndipo safuna kupaka. Ingoimangani injini itazizira, muyambe kupotoza ndi zala, sipanala ibwere pomaliza.