Kauthenga kopempha kulumikizana ndi munthu wosamudziwa pa LinkedIn: zilembo 200 muzigwiritse bwanji?

[Pa sikirini: tsamba la LinkedIn pa foni, chala chili pafupi ndi batani la Connect]

Imani kaye, musadine. Pa foni, mukangodina Connect, nthawi zambiri pempho limapita pomwepo lopanda mawu alionse, ndipo munthu uja amangoona dzina lachilendo ndi chithunzi. Lero tikuonetsani momwe mungalembere kauthenga kakafupi kopita limodzi ndi pempholo kwa munthu amene mumagwira naye ntchito yofanana koma simunaonanepo.

Tiyambe ndi pomwe bokosi lolembamo limabisala. Pa foni, tsegulani tsamba la munthuyo, dinani timadontho titatu tili pambali pa mabatani, kenako sankhani Personalize invite. Pa kompyuta, mukadina Connect pamatuluka kabokosi kokufunsani kuti musankhe Add a note kapena Send without a note. Sankhani Add a note. Anthu ena pa tsamba lawo pamaoneka Follow m'malo mwa Connect. Musadandaule, Connect ili mkati mwa More.

Malo ake ndi ochepa kwambiri. Ngati akaunti yanu ndi yaulere, muli ndi zilembo 200 zokha, pomwe olipira Premium ali ndi 300. Tikunena zilembo, osati mawu, ndipo mpata wa pakati pa mawu, kadontho ndi zizindikiro zina, zonse zimawerengedwa. Komanso akaunti yaulere imangokulolani kutumiza mapempho ochepa okhala ndi uthenga pa mwezi. Choncho musamwaze. Sankhani anthu amene mukuwafunadi.

[Pa sikirini: bokosi lopanda kanthu, manambala akuonetsa 0/200]

Titenge chitsanzo chimodzi, tiyende nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa kuno ku Salima anaphunzira zamagetsi, ndipo amaika mapampu a sola m'madimba cha ku Lifuwu. Waona mayi wina, injiniya wa zamthirira ku Lilongwe, atalemba pa LinkedIn za mapampu amene amapsa mu Okutobala: madzi amatsika m'chitsime, pampu imapitiriza kuzungulira popanda madzi oiziziritsa, mota n'kutentha. Mtsikanayu akufuna kudziwana ndi mayiwo. Tiwatchule kuti Mayi Uje.

Ambirife tingayambe chonchi:

"Muli bwanji bwana wanga? Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Pepani chifukwa chokuvutitsani."

Ulemu ulipo, ndipo umu ndi momwe tinaleredwera. Koma taonani manambala aja. Zilembo 114 zatha, kupitirira theka la malo onse, ndipo Mayi Uje sanadziwebe kuti mukufuna chiyani. Chinanso n'chakuti mawu amenewa ndi omwe amayambira anthu opempha ndalama ndi akuba a pa intaneti. Munthu amene amalandira mapempho ambiri akangoona "bwana wanga" ndi "pepani chifukwa chokuvutitsani", amadziwiratu kuti kukubwera pempho lolemera, ndipo chala chimathamangira pa Ignore.

Kauthenga kopita ndi pempho kali ngati odi wa pakhomo. Mukuuza mwini nyumba kuti ndinu ndani ndi chimene chakubweretsani, kuti atsegule chitseko. Nkhani yeniyeni mukambirana mutalowa.

[Pa sikirini: uthenga ukulembedwa pang'onopang'ono]

Nawu uthenga umene mtsikana uja angatumize:

"Mayi Uje, ndine mmisiri wa sola ku Salima. Ndawerenga zomwe munalemba za mapampu opsa madzi akatsika m'chitsime mu Okutobala. Kuno ku Lifuwu timakumana nazonso. Ndingakonde kulumikizana nanu."

Zilembo 191. Zatsala 9, zokwanira dzina lotalikirapo kuposa Uje.

Tiuphwanye. Poyamba pali dzina ndi ulemu wake, ndipo mawu awiri okhawo agwira ntchito yonse ya moni wautali uja. Dzinalo likopereni ndendende monga lalembedwera pa tsamba lawo, chifukwa palibe amene amasangalala kuona dzina lake litalakwitsidwa. Samalaninso ndi maina athuwa. Chikondi, Chisomo, Madalitso ndi Mphatso akhoza kukhala bambo kapena mayi. Ngati chithunzi palibe kapena sichikuoneka bwino, musalote. Ikani "a" kutsogolo kwa dzina la bambo wawo, mwamaliza, ndipo ulemu sunachepe.

Kenako akudzitchula yekha m'chiganizo chimodzi: ntchito ndi malo. Dzina lake sanalilembe, chifukwa LinkedIn imaliika kale pamwamba pa pempho pamodzi ndi chithunzi. Sukulu imene anaphunzira ndi mapepala ake sanatchulenso, zili pa tsamba lake kwa amene akufuna kuziona. Koma malo wawatchula, ndipo ali ndi phindu. Munthu wa ntchito za sola m'Malawi muno amaidziwa Salima, kumene kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021. Dzina la malo limakusandutsani munthu weniweni wokhala kwinakwake kodziwika.

Chiganizo chachiwiri ndicho chimanyamula uthenga wonse, ndiye tichedwepo. Mtsikanayu sanalembe kuti "ndimakonda zolemba zanu" kapena "ntchito yanu ndi yotamandika". Mawu otere mungawatumize kwa anthu makumi asanu osasintha kalikonse, ndipo wolandira amazindikira zimenezo. Iye watchula pampu, chitsime ndi mwezi wake. Mayi Uje akawerenga, adziwa kuti munthuyu anawerengadi, ndipo anamvetsa chimene anawerengacho. Muyeso wake ndi wosavuta. Mukamaliza kulemba, chotsani dzina la munthuyo muikepo la wina wa ntchito yomweyo. Ngati uthengawo ukumvekabe bwino, ndiye kuti sunapse, bwererani pa tsamba lake mukafufuze chinthu chimene ndi cha iye yekha. Tsikirani pa gawo la Activity, pomwe pamaoneka zimene walemba ndi zimene wayankha kwa ena. Mphindi zisanu zowerenga pamenepo zimapereka chiganizo chimenechi.

Ndiye pali "Kuno ku Lifuwu timakumana nazonso." Ife timakakonda kachiganizo aka chifukwa kamasintha mpando umene mtsikanayu wakhalapo. Salinso wopempha chabe. Ndi munthu amene amaona ndi maso zimene injiniya wa mu ofesi amangomva pa malipoti, ndipo Mayi Uje akhoza kufuna kumva kwa iye. Chenjezo lake ndi limodzi: zikhale zoona. Ngati simunaonepo pampu itapsa, musaname, chifukwa yankho loyamba likhoza kukhala funso lakuti chitsimecho chinali cha mamita angati.

Pomaliza akungoti angakonde kulumikizana, basi.

[Pa sikirini: mawu atatu akufufutidwa: ntchito, nambala, thandizo]

Mwaona kuti sanapemphe ntchito. Tikudziwa kuti ambiri amalowa pa LinkedIn ali pa ulova ndipo mtima uli pa ntchitoyo, ndiye izi zimawawa kumva. Koma ganizirani mbali ya wolandira. Mukalemba kuti "ndithandizeni kupeza ntchito", mwamupatsa funso limene yankho lake pafupifupi nthawi zonse ndi ayi, chifukwa sakukudziwani ndipo mwina si iye amene amalemba anthu. Kuvomera pempho lanu kukhala ngati walonjeza kanthu, ndiye njira yosavuta kwa iye ndi kungolisiya. Chimodzimodzi ndi kupempha nambala ya WhatsApp kapena kuika yanu mu uthenga woyamba. Kupatula apo, bokosi limeneli silimata fayilo iliyonse, choncho nkhani yotumiza mapepala iiwaleni kaye.

Nanga ngati munthuyo sanalembepo kalikonse? Ambiri ali choncho. Gwirani pa ntchito yake yeniyeniyo. Tiyerekeze mlembi wa kopaletivi ya mpunga ku Nkhotakota:

"Bambo Uje, ndimasunga mabuku a ndalama a kopaletivi ya mpunga ku Bua, Nkhotakota. Ndaona kuti inunso mumagwira ntchito yomweyi ku Karonga. Ndingakonde kudziwana nanu."

Ndi wofookerapo kusiyana ndi woyamba uja, koma chifukwa chake chikuoneka ndipo ndi choona. Ngati munali pa msonkhano umodzi, mwachitsanzo ku Senga Bay, tchulani msonkhanowo ndi mutu umene iye analankhulapo. Dzina la mnzanu amene nonse mumamudziwa mulitchule pokhapokha mutamupempha kaye, chifukwa wolandira akhoza kumufunsa.

Za chilankhulo, tsatirani chimene munthuyo amalembera pa tsamba lake. Ngati amalemba Chingerezi chokha, kapena ndi wa kunja, lembani m'Chingerezi ndi kamangidwe komweka. Mawu athu a Chichewa ndi aatali, "ndikukhulupirira" yekha amadya zilembo 16, ndiye lembani kaye pena, muwerenge mokweza, kenako mukopere m'bokosi. Malo akachepa, chotsani mawu ena athunthu, osati kufupikitsa kalembedwe ngati mukucheza ndi mnzanu pa foni.

Musanadine Send, yang'anani tsamba lanu. Pempho limafika ndi mzere uja wa pansi pa dzina, wotchedwa Headline. Ngati uthenga ukuti ndinu mmisiri wa sola koma mzerewo ukungonena kuti mukufuna mwayi uliwonse wa ntchito, awiriwa akutsutsana. Lembanipo ntchito ndi malo, ndipo chithunzi chikhale cha nkhope yanu nokha, osati cha pa ukwati pomwe phewa la mnzanu likuonekera.

[Pa sikirini: My Network, kenako mndandanda wa Sent]

Mayi Uje akavomera, kauthenga kaja kamakhala koyambirira m'macheza anu. Thokozani mwachidule, ndipo funsani funso limodzi limene angayankhe ndi mizere iwiri. Kwa mtsikana wathu likhoza kukhala ili: "Kachipangizo kozimitsa pampu madzi akachepa mumakaika kutalika bwanji pamwamba pa pampu?" Funso lotere injiniya amaliyankha ali pa mzere ku banki. Koma lakuti "ndilangizeni za tsogolo langa" limafuna ola lathunthu, ndipo limagona osayankhidwa.

Akakhala chete, musathamangire kuganiza kuti akukanani. LinkedIn sikuuzani munthu akadina Ignore, komanso anthu ambiri amatsegula kamodzi pa nthawi yaitali. Pempho limadikira mpaka miyezi 6 lisanathe mphamvu. Mukhoza kulibweza polowa pa My Network, kutsegula mapempho, kusankha Sent, n'kudina Withdraw, koma mukatero simungatumizenso kwa munthu yemweyo mpaka patapita masabata atatu. Choopsa chenicheni chili pa mawu amene amatulukira wolandira akakana, akuti I don't know this person. Anthu ambiri akadina pamenepo, LinkedIn ikhoza kukuletsani kutumiza mapempho kwa kanthawi. Pamene mukudikira, dinani Follow pa tsamba la Mayi Uje, ndipo akadzalembanso za mapampu, yankhani pansi pake ndi zimene mwaona m'madimba a ku Lifuwu, monga kuya kwa chitsime ndi mwezi umene madzi anayamba kutsika.