Kalata yopempha kuti aunikenso pepala lanu la mayeso a sayansi ya zakudya

Moni nonse. Lero tikambe za kalata imene wophunzira amalembera ofesi ya mayeso akaona kuti malikisi amene wapatsidwa pa pepala la sayansi ya zakudya sakugwirizana ndi zimene analemba. Makalata ambiri otere amagwa chifukwa amangonena kuti "ndinawerenga kwambiri, sindingalakwe mayesowa". Ofesi ya mayeso siingaunike khama lanu. Chimene ingaunike ndi funso, tsamba ndi nambala. Choncho ntchito ya kalatayi ndi kuloza chala pamalo penipeni pamene pali vuto, kuti munthu amene sakudziwani atsegule pepalalo n'kupaona yekha.

Titenge chitsanzo chimodzi, tiyende nacho mpaka kalata ithe. Tinene kuti ndinu wophunzira wa ku koleji, mwalemba mayeso a kosi yoyeza zakudya m'labotale. Mafunso analipo asanu, lililonse la malikisi 20, ndipo kuti munthu akhoze pafunika 50. Pachikuto pa pepala lanu alemba 44. Mwaloledwa kuliona pepalalo.

Musanaganize za kalata, tengani pepala lina lapadera, osati la mayesolo. Pa pepala la mayeso musalembepo kanthu, ngakhale kadontho ka pensulo, chifukwa akakayikira kuti mwawonjezera mawu pambuyo pochonga, nkhani imasanduka mlandu wobera mayeso. Pa pepala lapaderalo koperani malikisi a funso lililonse monga alembedwera m'kati.

[Pa sikirini: 12 + 9 + 7 + 11 + 8 = 47]

Mwaona? M'kati muli 47, pachikuto pali 44. Malikisi atatu atayika powonkhetsa. Apa palibe chotsutsana, ndipo aliyense wa mu ofesi angathe kutsimikiza popanda kudziwa sayansi. Ndiye mfundo imeneyi iyambe m'kalata.

Kenako tsegulani tsamba lililonse muone ngati cholembera cha wochonga chinafikapo. M'chitsanzo chathu, yankho la funso 5 linasefukira, mukalimalizira pa tsamba 11, kuseri kwa tsamba lopanda kanthu. Pa tsamba 11 palibe chongi, palibe mtanda, palibe nambala. Munthu amene akuchonga mapepala ambirimbiri akafika pa tsamba loyera amaganiza kuti wophunzira wathera pomwepo. Imeneyi ndi mfundo yachiwiri, nayonso yooneka ndi maso.

Mfundo yachitatu ndiyo yofuna kuifatsira, chifukwa ndi ya sayansi yeniyeniyo. Funso 3(b) linali la malikisi asanu, ndipo linati: ufa wa chimanga wolemera magalamu 10.0 unaumitsidwa mu uvuni pa madigiri 105 mpaka kulemera kwake kutasiya kusintha, ndipo unatsala magalamu 8.8, pezani chinyezi cha ufawo. Inu munapeza 13.6 peresenti. Wochonga anaika mtanda, malikisi ziro, n'kulemba pambali 12.

Walakwa ndani? Madzi amene anachoka mu ufa ndi magalamu 1.2, pamenepo nonse mukugwirizana. Kusiyana kuli pa nambala yogawira. Mukagawa ndi kulemera kwa ufa usanaume, mupeza 12. Mukagawa ndi kulemera kwa ufa utauma, mupeza 13.6. Njira ziwiri zonsezi zimapezeka m'mabuku a sayansi ya zakudya, ndipo amazilemba motere:

```
MC(wb) = (10.0 - 8.8) / 10.0 x 100 = 12.0%
MC(db) = (10.0 - 8.8) / 8.8 x 100 = 13.6%
```

Zilembo MC zikuimira chinyezi, wb zikutanthauza kuti mwayerekeza madzi ndi kulemera kwa ufa uli ndi chinyezi chake, db ndiye kuyerekeza ndi ufa wouma. Nambala ziwirizi zikunena za ufa womwewo, ndipo umboni wake ndi wosavuta: gawani 12 ndi 88, yomwe ndi 100 kuchotsa 12, muchulukitse ndi 100, mubwerera pa 13.6.

Koma apa mudzifunse moona mtima zinthu ziwiri. Kodi funso linatchula njira yoti mugwiritse ntchito? Ngati linalemba wb, inu n'kuyankha db, mwalakwa ndinu, musapemphe malikisi onse. Nanga inuyo munalemba db pafupi ndi yankho lanu? Izi n'zofunika chifukwa pa malonda a chimanga ndi ufa, chinyezi nthawi zambiri amachitchula pa njira ya wb, choncho munthu akangoona 13.6 yopanda chizindikiro ali ndi chifukwa choikanira. M'chitsanzo chathu funso silinatchule njira, ndipo inu munalemba db pamzere wa yankho, masamu onse ali poyera. Pamenepo muli ndi poimira. Ngakhale wochonga wachiwiri atanena kuti m'kalasi munaphunzira wb, mungathe kupempha malikisi a njira, poti kuchotsera kwa 1.2 ndi kachitidwe ka masamu n'zolondola.

Palinso malo amene muyenera kuwasiya dala. Pa funso 2 anafunsa za kutenthetsa mkaka kuti tizilombo toyambitsa matenda tife. Njira yofulumira ndi madigiri 72 kwa masekondi 15, yapang'onopang'ono ndi madigiri 63 kwa mphindi 30. Inu munalemba madigiri 72 kwa mphindi 15. Mwina munadziwa, dzanja lokha ndi limene linaphonya, koma wochonga amachonga zimene zili papepala. Mukaika dandaulo limeneli m'kalata, owerenga ayamba kukayikira ngakhale mfundo zanu zitatu zolimba zija. Ndikukupemphani, lisiyeni.

Tsopano tilembe. M'makoleji ambiri kalata ya ku ofesi imalembedwa m'Chingerezi, ndiye inu mulembe m'chiyankhulo chimene ofesi yanu imalandira. Ine ndiiwerenga m'Chichewa kuti timvane bwino za m'kati mwake. Pamwamba ikani keyala yanu ndi tsiku, kenako udindo wa amene mukuwalembera, osati dzina lawo. M'malo ambiri kalata imapita kwa mlembi wamkulu wa koleji kapena kwa mkulu wa ofesi ya mayeso, kudzera kwa mkulu wa dipatimenti. Buku la malamulo a ophunzira la koleji yanu ndi limene likuuzeni njira yeniyeni.

[Pa sikirini: kalata ikuoneka ndime ndi ndime]

"Bwana kapena Mayi,

PEMPHO LOUNIKANSO PEPALA LA MAYESO A KAYEZEDWE KA ZAKUDYA

Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri m'dipatimenti ya sayansi ya zakudya. Nambala yanga, nambala ya kosi ndi tsiku limene mayeso analembedwa ndazilemba m'munsimu. Ndinapatsidwa malikisi 44, ndipo ndikupempha kuti pepala langa liunikidwenso pa zifukwa zitatu.

Choyamba, malikisi a mafunso asanu olembedwa m'kati mwa pepala ndi 12, 9, 7, 11 ndi 8. Kuwaphatikiza akukwana 47, koma pachikuto palembedwa 44.

Chachiwiri, yankho la funso 5 likupitirira pa tsamba 11, ndipo tsambalo lilibe chizindikiro chilichonse cha wochonga.

Chachitatu, pa funso 3(b), tsamba 6, ndinapeza chinyezi cha 13.6 peresenti ndipo ndinalemba kuti ndi pa njira ya db. Wochonga analemba 12 peresenti, lomwe ndi yankho la njira ya wb. Funso silinatchule njira, ndipo mayankho awiriwa akuchokera pa magalamu 1.2 omwewo a madzi. Ndikupempha kuti yankholi liganiziridwenso.

Choncho ndikupempha kuti malikisi awonkhetsedwenso, tsamba 11 lichongedwe, ndipo funso 3(b) lionedwe ndi wochonga wina. Ndaphatikiza lisiti ya ndalama zolipirira ntchitoyi ndi pepala la mafunso. Ndidzalandira zotsatira zilizonse zimene kuunikaku kudzabweretse.

Ine wanu mokhulupirika,"

kenako siginecha, dzina, nambala yanu ya sukulu, nambala ya kosi, tsiku la mayeso ndi nambala ya foni.

Taonani zimene mulibe m'kalatamu. Mulibe dzina la mphunzitsi, mulibe mawu akuti amandida kapena anachita dala. Ngati muli ndi umboni woti wina akukuzunzani kapena akufuna kanthu kwa inu kuti akukhozetseni, imeneyo ndi nkhani yaikulu, ndipo muitengere ku ofesi yoona za ophunzira m'kalata yakeyake. Mukaisakaniza ndi ya malikisi, zonse ziwiri zimachedwa. Mulibenso zoti anzanga analemba zofanana ndi zanga koma anakhoza, chifukwa pepala la mnzanu si lanu, ndipo mungamukokere m'mavuto. Za fizi, za makolo amene akuvutika, ndikudziwa kuti ndi zimene zikukusowetsani tulo, koma sizisintha zimene zalembedwa pa tsamba 6.

Onaninso ndime yomaliza ija. Yatchula ntchito zitatu zosiyana. Kuwonkhetsanso malikisi ndi ntchito yopepuka, pamene kuchonganso yankho kumafuna katswiri wa phunzirolo. Mukangolemba kuti "aonenso pepala langa", ofesi ikhoza kuchita yopepukayo yokha, n'kukuyankhani kuti 44 yasanduka 47. Mwalondola, koma simunafikebe pa 50. Malikisi atatu otsalawo ali pa tsamba 11 ndi pa funso 3(b), ndiye muwapemphe mowatchula.

Chiganizo chakuti mudzalandira zotsatira zilizonse musachilembe mwamwambo chabe. M'malamulo a masukulu ena, pepala likachongedwanso malikisi atsopano ndi amene amakhala, ngakhale atsike. Wochonga wachiwiri akhoza kupeza pamene woyamba anakukomerani mtima. Choncho werengani pepala lonse musanapereke kalata, muone ngati zimene mungapeze zikuposa zimene mungataye.

Nanga ngati pepala simunaloledwe kuliona? Izi zimachitika kawirikawiri pa mayeso otsiriza a semesita, komanso pa mayeso a MSCE a bungwe la MANEB, pamene poyambira pabwino ndi kwa ahedi a sukulu imene munalembera. Pamenepo musapeke zolakwa zimene simunazione. Nenani zimene mukudziwa: mafunso amene munayankha, ngati munatenga kabuku kachiwiri koyankhiramo, ndi malikisi a ntchito za m'labotale ndi mayeso a pakati pa semesita ngati ndi ku koleji. Pemphani kuti atsimikize kuti masamba onse anachongedwa, kabuku kachiwiri kanamangiriridwa ku koyamba, ndipo malikisi analowa pa nambala yanu molondola. Pa kosi ngati iyi, malikisi a labotale akapanda kulowa m'kompyuta, munthu wokhoza amaoneka wolephera.

Za nthawi: mapempho otere amakhala ndi malire a masiku kuchokera pamene zotsatira zatuluka, ndiye tsiku lomwelo funsani malirewo ndi ndalama zake. Lipirani ku akaunti kapena ku ofesi ya zachuma ya sukulu, mutenge lisiti, osapereka ndalama m'manja mwa munthu. Sindikizani makalata awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo chosonyeza tsiku limene alandira, mupite nayo. Ngati mayeso obwereza afika yankho lisanabwere, funsani ofesi, makamaka polemba, ngati mukuyenera kuwalemba, ndipo pitirizani kukonzekera, poti kalata yanu siiimitsa kalendala ya sukulu.