Ndime yosiyira anzanu ntchito: makalata ochokera ku Ntcheu ndi ku Bembeke

"Zikomo aulutsi. Ine ndine mayi wa pa Ntcheu boma, kalaliki wa zandalama pa kampani ina yogula mbewu ndi kugulitsa zipangizo zaulimi. Ndapempha tchuthi cha milungu iwiri, kuyambira Lolemba pa 7 Okutobala, kuti ndikadwazike mayi anga omwe akukachitidwa opareshoni. M'kalata yanga ndinalemba kuti, 'Ntchito zanga zonse ndasiyira anzanga ndipo sipakhala vuto.' Abwana andibwezera kalatayo, akuti mwezi umenewu ndi wotanganidwa. N'zoona, chifukwa pa 10 kukubwera lole ya matumba 300 a feteleza, komanso ndine amene ndimakonza za msonkho ndi penshoni, n'kusunganso ndalama zogulira zinthu zing'onozing'ono. Mu ofesi tilimo atatu. Ndilembe bwanji kuti abwana akhutire?"

Mayi, pepani ndi matenda a mayi athuwo, tikuwafunira kuchira msanga.

Ndiyambe ndi mawu awiri amene ndikuganiza kuti ndiwo anakubwezetserani kalata: "zonse" ndi "anzanga". Bwana akamawerenga kalata yopempha tchuthi, maganizo ake sakhala pa tchuthicho. Amadziona ali pa tsiku linalake inu kulibe, lole yaima pakhomo, dalaivala akufuna wosayina, ndipo aliyense mu ofesi akuloza mnzake. Mawu oti "anzanga" samuuza amene adzatuluke kukawerenga matumbawo. Mawu oti "zonse" amamuonetsa kuti simunakhale pansi n'kuwerengetsa ntchitozo imodziimodzi. Ndiye iye, poopa kudzasenza yekha, amangoti mwezi uno ayi.

Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapereka masiku osachepera 15 a tchuthi cholipidwa pa chaka kwa wogwira masiku asanu pa mlungu, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi. Masiku khumi amene mukupemphawo ali mkati mwa ufulu wanu ngati simunawadye kale. Komabe sindingakulangizeni kuti muyambe kalata ndi lamulo. Abwana anu sanakane kuti tchuthi muli nacho. Chimene akukayika ndi nthawi yake, ndipo chikayiko chimenecho chimatha ndi mayina ndi madeti.

Musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, tengani kalendala, muzunguze masiku kuyambira pa 7 mpaka pa 18, muonjezerenso masiku atatu oyamba mukadzabwerako. Pa tsiku lililonse dzifunseni kuti, chimene chingaonongeke ndikapanda kukhalapo n'chiyani? Mudzapeza kuti ntchito zanu zagawikana patatu. Pali zimene mungamalize musanapite, pali zimene wina ayenera kugwira pa tsiku lake, ndipo pali zimene zingadikire popanda wina kuvulala nazo.

Za msonkho zili m'gulu loyamba. Msonkho wa PAYE wodulidwa pa malipiro a Seputembala uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 Okutobala, ndipo ndalama za penshoni nazonso zimafunika kutumizidwa m'masiku 14 mwezi ukatha. Tsiku limenelo lagwera pakati penipeni pa tchuthi chanu, ndipo ndikukhulupirira kuti ili ndilo likuwasowetsa tulo abwana anu kuposa fetelezayo, pakuti kuchedwa ndi msonkho kumabwera ndi chilango cha ndalama. Koma malipiro a Seputembala adzakhala atatuluka kale. Palibe chokuletsani kukonza zonse pa Msonkho Online, njira ya MRA ya pa intaneti, ndi kulipira pofika Lachinayi pa 3, kuti Lachisanu pa 4 muike malisiti pa tebulo la abwana. Ntchito imene mwamaliza simufunikanso kuisiyira munthu, ndipo bwana amakhulupirira lisiti limene ali nalo m'manja kuposa lonjezo lililonse.

Lole ya pa 10 ili m'gulu lachiwiri, ndipo apa ndi pamene pamafunika dzina. Dzina limodzi, osati awiri. Mukalemba kuti "a Uje kapena a Uje adzalandira katundu", mwabwereranso ku "anzanga", chifukwa aliyense adzayesa kuti mnzake ndiye ali pa ntchitoyo. Ndipo musalembe dzina la munthu musanakambirane naye. Abwana ambiri akalandira kalata yotere amangodzuka n'kukafunsa mwini dzinayo kuti, "Mwamva zimenezi?" Akangoyankha kuti "ayi bwana, ndikumvera kwa inu", kalata yanu yafera pomwepo, ndipo yotsatirayo adzaiwerenga ndi diso lokayika.

Kuvomera kokha sikukwanira. Munthuyo ayambe wagwirapo ntchitoyo inu mukuona. Mlungu uno pakabwera katundu wina aliyense, ngakhale makatoni khumi a mbewu ya chimanga, muuzeni alandire iyeyo, inu mungoima pambali. Muone ngati akuwerenga yekha matumba pamene akutsitsidwa m'malo mokhulupirira chiwerengero cha dalaivala, ngati akupatula ong'ambika ndi onyowa, ndiponso ngati akulemba zoperewera pa pepala lobwera ndi katundu asanasayine. Ambiri amalakwitsa pomalizapa. Amasayina kaye kenako n'kuzindikira kuti matumba ndi 296, pamene lole yadutsa kale pa Kampepuza. Mukamuona akuchita bwino, mudzatha kulemba kuti "analandira katundu pa tsiku lakuti ine ndilipo", ndipo chiganizo chimenecho chimalemera kuposa kunena kuti munthuyo ndi wodalirika.

Tsono ndalama zogulira zinthu zing'onozing'onozo, apa ndichenjeze kwambiri. Musangosiya kiyi wa bokosi. Muwerenge ndalamazo awiriwiri, ndalama zimene zilipo kuphatikiza malisiti zifanane ndi zimene buku likunena, nonse musayine pansi pa chiwerengerocho ndi deti. Mukadzabwerako mudzawerengenso chimodzimodzi. Izi zimateteza inu ndi mnzanu yemwe. Komanso poti mulipo atatu, wolandira katundu asakhalenso wosunga ndalama, agawane. Nambala yanu yachinsinsi ya ku banki kapena ya pa kompyuta musapatse munthu, ngakhale mnzanu wapamtima, chifukwa chilichonse chochitidwa ndi nambala imeneyo chidzaoneka ngati mwachita ndinu. Malipiro aakulu amene angafunike inu kulibe avomereze abwana eni ake.

Gulu lachitatu ndi limene anthu amachita nalo manyazi, amaopa kuti akavomereza kuti ntchito ina idzadikira, tchuthi chikanidwa. Ine ndaona kuti zimayenda mwa mtundu wina. Bwana wanzeru amadziwa kuti anthu awiri sangagwire ntchito yonse ya anthu atatu. Mukamuuza nokha chimene chidzaime ndi tsiku limene mudzachimalize, amaona kuti mwawerengera moona.

Ndiye ndime yanu ingamveke chonchi. Pamene ndikuti a Uje ndi a Ujeni, inu mulembepo mayina enieni.

"Ndidzachoka kuyambira Lolemba pa 7 mpaka Lachisanu pa 18 Okutobala, ndipo ndidzayambiranso ntchito Lolemba pa 21. Msonkho wa PAYE ndi ndalama za penshoni za Seputembala, zofunika pofika pa 14, ndidzalipira pa 3 ndipo malisiti ake ndidzakupatsani pa 4. Matumba 300 a feteleza obwera pa 10 adzalandira a Uje, omwe avomera ndipo alandirapo kale katundu ine ndikuonerera. Bokosi la ndalama zing'onozing'ono ndi buku lake adzasunga a Ujeni, tikawerengerana ndi kusayinirana Lachisanu pa 4. Chilichonse choposa K50,000 adzayamba apempha chilolezo chanu. Kuyerekeza mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki kudzadikira, ndidzamaliza pofika pa 23, ndipo malipiro a Okutobala sadzakhudzidwa. Pakagwa chovuta chimene awiriwa sangathe, ndidzapezeka pa foni tsiku lililonse kuyambira 6 koloko mpaka 7 koloko madzulo."

Ngati ku ofesi kwanu mumalemba m'Chingerezi, mutembenuze, koma dongosolo likhale lomwelo. Madeti ali poyamba kuti abwana asafufuze. Kenako pakubwera chimene akuchiopa kwambiri, chitathetsedwa kale. Malire a K50,000 ndangoika ngati chitsanzo, mugwirizane ndi abwana malire oyenera kampani yanu, koma nambala ikhalepo, pakuti mawu oti "ndalama zambiri" aliyense amawamva mwake.

Pa za foni, mwina mukudabwa kuti bwanji ndaika ola limodzi lokha. Musalembe kuti "ndidzapezeka nthawi iliyonse". Inu mukukadwazika, mudzakhala mukuthamanga ndi madzi osamba, chakudya ndi mankhwala, mwinanso foni itathima. Mukalonjeza tsiku lonse n'kulephera kuyankha kawiri, abwana adzakumbukira ulendo wina mukadzapemphanso. Chinanso, kulemba choncho kumawauza kuti ntchito idakali m'manja mwanu, kuti simunaisiyedi.

Tsatanetsatane wina, monga manambala a foni a ogulitsa katundu ndi pamene pali mafayilo, mulembe pa pepala lina la a Uje ndi a Ujeni. Ndime ya abwana isapitirire ziganizo zisanu ndi ziwiri. Ndipo kalatayo mukaipereke pamanja, awiriwo atasayina m'munsi kuti aona ndipo avomera.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yachokera kwa bambo wina wa ku Bembeke m'boma la Dedza.

"Ine ndimasunga katundu pa kopaletivu ya alimi a mbatata ya kachewere. Mnzanga wolemba mabuku akupita ku tchuthi ndipo walemba kuti ine ndidzagwira ntchito yake, koma za mabuku sindizidziwa bwino. Ndikakana ndioneka woipa mtima. Nditani?"

Bambo, musakane ntchito yonse ndipo musavomere yonse. Khalani pansi ndi mnzanuyo lero, akuonetseni zimene amachita pa mlungu, inu musankhe zimene mungathedi. Kulemba dzina la mlimi, kulemera kwa katundu wake ndi deti m'buku, zimenezo mungathe, pakuti sikelo mumaigwira kale tsiku ndi tsiku. Kuwerengetsa ndalama zoti mlimi aliyense alandire ndi kuchotsera ngongole za mbewu, ngati simunachitepo, nenani poyera kuti zimenezo ayi. Zipite kwa msungichuma wa komiti, kapena alimi auzidwe msanga tsiku limene adzalipidwe mnzanuyo akabwerako. Kachewere sachedwa kuonongeka, choncho kulandira ndi kutumiza ku msika sikungaime, koma malipiro akhoza kudikira masiku angapo ngati eni ake adziwitsidwa nthawi ilipo.

Mukagwirizana, mnzanuyo alembenso ndime yake, dzina lanu likhale pa ntchito zimene mwavomera zokhazo, ndipo muiwerenge musanasayine. Pa tsiku lomaliza muwerengere limodzi matumba amene ali m'nyumba yosungira katundu, mulembe chiwerengerocho pa tsamba latsopano la buku, ndipo zolemba zanu ziyambire pamenepo.