Za webusaiti ya shopu ya achemwali ija

Mng'ono wanga, wadzuka bwanji? Ndangoweruka kumene kuno ku Joni, ndiye ndati ndikujambulire mawu, kulemba kundichedwetsa. Zithunzi unanditumizira zija, za mmene webusaiti ikuvutira chiisamutsireni ku seva yatsopano, ndaziona. Webusaiti sinafe ayi, mavuto ndi awiri basi.

Loyamba ndi tsamba loyera mbee lija. Lowa mu cPanel, tsegula File Manager, pita mu public_html, upeze fayilo yotchedwa error_log. Werenga mizere yakumunsi, ndiyo yatsopano. Pachithunzi chako ndaonapo izi:

```
Call to undefined function create_function()
```

Chimenecho anachichotsa mu PHP 8.0, koma webusaitiyi tinaipanga nthawi ya 7.4, ndiye ikuitana chinthu chomwe pa seva yatsopanoyi kulibe. Pita pa MultiPHP Manager, kwina amalemba Select PHP Version, chonga dzina la webusaiti, sankha 7.4, dina Apply. Koma kumeneku n'kumata chigamba chabe, chifukwa 7.4 anasiya kuikonza mu Novembala 2022. Webusaiti ikangodzuka tisinthe pulagini yakale yomwe ikuitana create_function, tibwerere ku 8.

Ukasintha koma osaona kusintha, suzumira mu .htaccess. Imabisala, uyambe wachonga Show Hidden Files mu Settings. Mukakhala mzere woyamba ndi AddHandler wochokera ku seva yakale, umakakamiza PHP ina. Uike # kutsogolo kwake, usafufute.

Lachiwiri ndi lomwe lakuzunguza mutu, loti WordPress ikukana zithunzi ndipo ikupempha mawu achinsinsi a FTP. Apa mvetsetsa. Chilolezo cha fayilo ndi mwini wake wa fayilo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Iwe wakhala ukusintha manambala a chilolezo, mpaka wapereka 777. Bweza msanga! Pamenepo wasiya chitseko pululu, ndipo maseva ambiri otchipawa akaona 777 amangotulutsa 500. Mafoda akhale 755, mafayilo 644.

Kuti udziwe mwini wake, tsegula Terminal ngati ilipo, ulembe:

```
ls -l public_html/wp-content
```

Pamzere uliwonse pazioneka dzina la akaunti yathu. Ukaona root kapena nobody, ndiye kuti amene anatithandiza kusamutsa uja anakopera mafayilo ndi akaunti ina. Zili ngati wachita lendi nyumba koma makiyi a kuchipinda ali ndi munthu wina. Lamulo la chown usavutike nalo, likukanira, poti seva tikugawana ndi anthu ambirimbiri ndipo mphamvu zimenezo ali nazo ndi eni ake okha.

Uwalembere eni sevawo, uwapatse dzina la akaunti, uwauze kuti abweze umwini wa zonse za mu public_html. Kwa iwo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Akachedwa, sintha dzina la wp-content likhale wp-content-old, ukweze zipi ija ya wp-content kudzera mu File Manager, udine Extract. Zotuluka mmenemo zikhala m'dzina lathu.

Ukatha unditumizirenso chithunzi cha error_log. Uwapatse moni amayi, uwauze kuti ndiimba Lamulungu tikatuluka ku tchalitchi.