Kukana udindo wa ku Solwezi popanda kudzitsekera khomo

Abwana akuitanani mu ofesi, akuti mwakwezedwa, mukayang'anire nthambi ya ku Solwezi. Malipiro akwera ndithu. Koma amayi anu amaonana ndi dokotala ku chipatala cha UTH ku Lusaka mwezi uliwonse, ndipo wowaperekeza ndinu. Solwezi ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi kuchokera ku siteshoni ya Intercity. Ndiye muwayankha bwanji abwanawo?

Musanalembe kalikonse, tulutsani kontrakiti yanu muiwerenge. Makontrakiti ambiri amanena kuti kampani ikhoza kukutumizani kulikonse kumene ili ndi nthambi. Ndiye onetsetsani kalata imene mwalandira: akukufunsani ngati mukufuna udindowo, kapena akukusamutsani? Ngati akufunsa, kukana ndi ufulu wanu. Ngati akukusamutsani, mawu oti "ndakana" angatengedwe ngati kusamvera lamulo la bwana, ndipo pamenepo mulembe chopempha kuti aganizenso.

Tinene kuti akufunsa. Yambani mwalankhula nawo pamaso, asadzidzimuke ndi imelo, kenako mulembe tsiku lomwelo. Uthenga wake ndi uwu:

"Bwana, zikomo kwambiri pondiganizira pa udindo wa manijala wa nthambi ya ku Solwezi. Ndaganizira mofatsa, ndakambirananso ndi a kunyumba, ndipo sinditha kuulandira. Ndikusamalira kholo langa limene likulandira chithandizo kuno ku Lusaka, choncho chaka chino sindingasamuke. Ntchito yanga ya pano ndipitiriza monga mwa nthawi zonse, ndipo amene mumusankhe ndimuthandiza pa zonse zimene ndikudziwa. Udindo wotere ukadzapezeka kuno ku Lusaka, chonde mudzandikumbukire."

Taonani chifukwa chija: chiganizo chimodzi basi. Dzina la matenda mulibe. Anthu ambiri amalemba tsamba lonse, za sukulu ya ana, za lendi ya ku Chelstone, za ntchito ya amuna awo, poganiza kuti zifukwa zikachuluka abwana amva chisoni. Chimene chimachitika n'chakuti abwana amayamba kuzithetsa chimodzichimodzi. Lendi? Tikupatsani nyumba. Ana? Ku Solwezi masukulu aliko. Mukatero mwalowa m'zokambirana zimene simunazifune. Tchulani chokhacho chimene ndalama sizingachisunthe.

Mawu oti "chaka chino" aja muwaike pokhapokha ngati ndi zoona. Ngati mukudziwa kuti ku Lusaka simudzachokako, achotseni, chifukwa Januwale akafika abwana adzabwera nayonso nkhaniyi.

Komanso pewani "mwina" ndi "ndiona kaye". Ife timaona ngati ndi ulemu, koma abwana amamva kuti mukufuna akuwonjezereni ndalama, ndiye amasunga malowo kudikira inu. Yankhani tsiku limene anakupatsani lisanakwane, tumizani kope ku ofesi yoona za antchito, lina musunge nokha.